Loko wa Mayi Feggie

Kuseri kwa depoti ya Kasungu palibe amene sawadziwa mayi Feggie. Adachokera ku Chamama bambo akunyumba atamwalira, achibale a mwamuna atalanda munda wa fodya ndi chigafa chomwe. Adayamba ndi kuphikira anyamata a kabaza pansi pa mtengo, mpaka adatsegula kalesitilanti kokhala ndi mpopi wakewake. Ndi mayi wolimba ameneyu, wina asakunamizeni.

Akuba atayamba kuzula mamita a madzi, iwo adaitana wowotcherera kuti awapangire bokosi lachitsulo. Mita m'kati, loko kunja, kiyi kunsonga ya chitenje. Bilu inkabwera yofanana mwezi ndi mwezi, iwo n'kumalipira osachedwa.

Tsiku lina kudabwera wowerenga mita watsopano, n'kupempha kiyi. Bilu yotsatira, abale inu, mtengo wa ng'ombe!

Mayi Feggie sadalire ayi. Adayamba kukopera manambala a pa mita m'mawa uliwonse, kenako adalemba kalata: "Bwana, ine ndimatsuka mbale, sindithirira nazale ya fodya. Bilu iyi ndikuikana. Onani nokha manambala ndaphatikizawa pamodzi ndi mabilu akale, mukonze."

Ku ofesi ya madzi adapeza Tawonga, mtsikana wolandira madandaulo. Adawerenga kalata, nayang'ana pakompyuta, kenako adapumira m'mwamba.

"Amayi, manambala anuwa ndi olondola."

"Nanga ndimati chiyani? Fufutani msanga, ndasiya nyemba pamoto."

"Akugwirizana ndi athu, ndiye vuto lake. Mabilu akalewa onani apa, alemba kuti esitimeti. Wowerenga wakale ankapeza bokosi lokhoma, ndiye ankangoyerekeza. Madzi mumagwiritsa ntchito ambiri kuposa omwe munkalipira. Otsalawo abwera pakamodzi."

"Iwe mwana iwe, ankalephera kugogoda? Pakhomo panga pali galu? Ulesi wa munthu wanu ndilipire ine?"

"Zoona adalakwa, amayi. Koma madziwo adadutsadi pa mita."

"Ndikadasiya poyera akadaba. Ndatseka, mwandibera ndinu. Ndiye ndithawire kuti?"

Tawonga adati abwana angalole kuti azilipira pang'onopang'ono, bola ayambe ndi theka mwezi usanathe. Theka la ng'ombe alitenga kuti munthu wogulitsa mpunga wa nyemba? Msika wa fodya unali utatsekedwa kale, alimi obwera m'tauni ndi ndalama m'thumba kunalibenso.

Madzi adadulidwa Lachisanu. Tsopano mayi Feggie amagula a m'zigubu kumjigo, ndipo Kalekeni wa kabaza amawanyamulira osawalipiritsa. Koma a zaumoyo adutsa kale, anena kuti malo odyera opanda madzi a pampopi saloledwa. Akabweranso adzatseka.

Dzulo Kalekeni adawafunsa ngati aphika mawa.

"Bweretsa zigubu ziwiri zokha," adatero. "Sindikudziwa ngati tifika madzulo."