Mtsikana Amene Ndinamutcha Waulesi

Pali phokoso limene limandipeza ndikamadutsa pabwalo lililonse la fumbi, ngakhale pakhale mbuzi zokha. Ndi kupuma kwa mwana wa eni ake, kokokera m'kati ngati mpope woti madzi athamo. Papita zaka zambiri, ndipo ndinasiya kale choko, koma sikunandichoke m'makutu.

Ndinali mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Kawale. Zamasewera anandipatsa chifukwa ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse aakazi, komanso ndinali ndi nsapato za pulasitiki zoyera. Zinali zokhazo basi. Kuthamanga komwe ndinkakudziwa kunali kothamangira minibasi. Koma pakamwa ndinali napo, ndipo ana ankandiopa. Kunena zoona ndinkasangalala nako kuopedwako.

Pasukulupo tinali ndi kasankhidwe kathu ka othamanga, komwe ndinakapeza ndipo sindinakafunse. Mpikisano wa masukulu ukayandikira, tinkandandalika atsikana onse pagolo lina la mpira, wenzulo pyee, athamange kukafika pagolo linalo. Oyamba kufika ndiwo othamanga a sukulu, pa mtunda uliwonse. Wothamanga ndi wothamanga, tinkatero. Panali kamtsikana kena koonda kochokera ku Area 23, komwe kankabwera kusukulu chothamanga tsiku ndi tsiku, osatuluka n'thukuta lomwe. Pagolo ndi golo kankafika pambuyo pa onse, ndiye ndinkakauza kuti kazinyamula chigubu cha madzi.

Woyamba nthawi zonse anali mtsikana wa Folomu 3, wa misongolo yodzaza, wosayankhulayankhula. Ameneyo wenzulo ikalira, anzake akamadzuka iye ali kale pakati pa bwalo. Mapazi ake sankamveka kugunda pansi kawiri pamalo amodzi. Bambo ake anali owotcherera zitsulo ku Biwi, munthu wa ku Dedza, wakwaya kutchalitchi, ndipo zothamangazi sankazifuna. Ndinapita ndekha kukawapempha. Anavula magalasi awo akuda owotcherera nandiyang'ana nthawi yaitali.

“Aphunzitsi, mwana wamkazi kumangoonetsa miyendo pagulu, mapeto ake n'chiyani?”

Ndinawauza kuti wopambana mamita handiredi pa mpikisano umenewo adzatengedwa kukaimira chigawo chonse, ndipo kumeneko kumabwera akuluakulu osankha othamanga a dziko.

“Chabwino,” anatero. “Ndibwera ndidzaone ndekha. Akapambana, apitirize. Akalephera, nkhani yatha, azikhala pa makope.”

Ndinavomera mwachangu. Ndinalibe nkhawa ngakhale pang'ono, poti mwanayo kugonja sankakudziwa.

Tsikulo linali la mu Juni, kamphepo kakuwomba, mizere atailemba ndi laimu pa dothi lofiira. M'mawa mtsikana wanga anapambana ndime yoyamba ya mamita handiredi ngati akusewera. Ndime yomaliza inali masana. Bambo ake anafika atavala jekete la kutchalitchi, naima paokha pansi pa mtengo wa kesha.

Apa m'pamene ndinalakwira. Ndinawerengera mapointi, n'kuona kuti tikapambananso mamita zikwi zitatu, chikho chikupita kwathu. Mpikisano umenewo ndi wozungulira bwalo kasanu n'kawiri ndi theka, ndipo unali kutsogolo pang'ono kwa ndime yomaliza ija. Ndinamuitana mtsikana wanga uja.

“Iwe, ulowanso uwu.”

“Madamu, wautaliwo sindinauyeserepo.”

“Miyendo ndi yomweyo. Ana awa ukuwaonawa onyentcherawa angakupose iwe? Uyambe ndi mphamvu zako zonse, uwasiye kutali, akadzati atsegule maso iwe wamaliza. Osayang'ana kumbuyo.”

Anangoti, “Chabwino, Madamu.” Kamtsikana ka chigubu kanali pomwepo, kakundiyang'ana.

Mfuti italira anatuluka monga ankatulukira nthawi zonse. Bwalo lonse linaimirira. Pomaliza kuzungulira koyamba anali atawasiya anzake pafupifupi kotala ya bwalo, ine ndikuvina m'mbali, chitenje chili m'manja. Pozungulira kachiwiri ndinaona mapewa akukwera, mutu ukupita kumbuyo. Mawondo anasiya kunyamuka. Atadutsa pomwe ndinaima m'pamene ndinamva kupuma kuja. Ana onyentchera aja ankabwera ndi kaliwiro kawo komweko, osawonjezera, osachepetsa, ndipo pachitatu anayamba kumudutsa mmodzimmodzi. Anyamata a masukulu ena anayamba kuimba zomunyoza. Pachinayi anayenda, kenaka anagwada mkati mwa bwalo n'kusanza.

Ndinathamangirako. Ndikanakonda ndikanati ndinamugwira pamsana. Sindinatero. Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi amatulukira pakamwa.

“Dzuka! Ulesi basi. Ulibe mtima iwe.”

Ndinanena mokweza, ndipo mtengo wa kesha sunali patali.

Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu, anaitana a ndime yomaliza ya mamita handiredi. Anapita pamzere. Anafika wachisanu, kumbuyo kwa ana awiri omwe m'mawa anawasiya osatembenuka. Nditayang'ana pansi pa mtengo paja, jekete lija linali likutuluka pageti. Lolemba lake mtsikanayo anabweretsa yunifomu ya masewera atayichapa n'kuisita, naiika patebulo langa. Sanathamangenso.

Patapita zaka zingapo anatitumiza, ife aphunzitsi a zamasewera, kumaphunziro a sabata imodzi. Ine ndinapitira tiyi ndi masikono, ndisaname. Wotiphunzitsa anali bambo wina wa imvi, yemwe anathamangapo pa unyamata wake. Tsiku lachiwiri anafunsa kuti ndani amakoleza mbaula, tonse tinaseka. Anati thupi limapeza mphamvu m'njira zitatu, ndipo zitatuzo zimagwira limodzi, koma imodzi imatsogola malinga ndi liwiro komanso kutalika kwa mtunda.

Yoyamba anaiyerekeza ndi machesi. M'minofu mumakhala kale mphamvu yokonzeka, yosadikira mpweya, yotuluka nthawi imodzi, koma imatha m'masekondi pafupifupi khumi. Imeneyo ndiyo imanyamula mbali yaikulu ya mamita handiredi, ndipo munthu akapuma mphindi zochepa imabwereramo. Yachiwiri ndi mapepala oyatsira: thupi limaphwanya shuga wosungidwa m'minofu mwachangu, osadikira okosijeni. Mphamvu yake ndi yambiri, koma asidi amachulukana m'minofu, miyendo imawotcha n'kulemera, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri pa liwiro lotero minofu imakana. Yachitatu ndi makala: shuga ndi mafuta zimapsa pang'onopang'ono ndi mpweya womwe mapapo akoka, mtima n'kuutumiza m'magazi. Simapereka liwiro lalikulu, koma imakhalitsa, ndipo ndiyo ya mitunda italiitali. Anati anthu amasiyananso minofu. Ena ali ndi yambiri yothamanga msanga n'kutopa msanga, ena yochedwa koma yopirira, ndipo mtima ndi mapapo zimazolowera ndi kuyeserera kwa miyezi, osati kwa tsiku limodzi.

Ndinakweza mkono. Ndinafunsa ngati za munthu wina, kuti nanga wa mamita handiredi atayamba mtunda wautali ndi liwiro lake lonse?

“Ndiye kuti wayatsa machesi ndi mapepala onse pozungulira koyamba,” anatero. “Mpweya sungathe kulipirira liwiro limenelo. Agwa, mwinanso asanza. Kaya akhale wolimba mtima chotani, minofu simva zimenezo.”

“Nanga atapuma kotala la ola, angathamange wake uja?”

“Kuthamanga athamanga, koma osati monga amathamangira. Thupi lotheratu chotero limafuna nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndani angachite zimenezo kwa mwana?”

Anthu anaseka. Ine sikono yanga ya tsiku limenelo ndinapatsa mnzanga.

Nditabwerera ndinathetsa zosankhira pagolo ndi golo. Aliyense ankayesedwa pa mtunda wake, ndipo ana oonda angapo anatibweretsera zikho. Koma zimenezo sizinakonze kanthu kwa yemwe ndinamulakwira, ndipo kumufunafuna ndinkaopa. Biwi si kutali ndi Kawale. Kwa zaka zonsezo ndinkadzera njira ina.

Ndinakumana naye chaka chatha mumsika wa ku Kawale, ndikusankha tomato. Ndiye anayamba kundizindikira. Anali mayi wamkulu tsopano, akugulitsa nsalu ndi mazipi, kamwana kakamuna kakusewera pansi pa benchi. Anaimirira, nandipatsa moni ndi manja awiri.

“Madamu, muli bwanji? Simunasinthe.”

Anandipatsa mpando wake. Tinakamba za ana, za kukwera kwa zinthu, za anzake a m'kalasi omwe ali ku Joni. Misongolo ija inali yomweyo. Ndinadziuza kuti lero ndi lero.

“Mwana wanga, ndili nawe ndi mawu. Tsiku lija la mpikisano ndinakulakwira ndine.”

Anaseka pang'ono. “Aa, zakale zimenezo, Madamu. Ndinakuchititsani manyazi. Ine zinthu sindimazifikitsa kumapeto, ndi mmene ndinabadwira. Ngakhale mayeso a Folomu 4 nditalephera sindinabwereze.”

Mawu amenewo anandilasa kuposa akanandinyoza. Ndinamufotokozera zonse, pakati pa msika pomwepo, za machesi, mapepala ndi makala. Ndinamuuza kuti thupi lake linachita zomwe thupi la munthu aliyense likanachita, kuti palibe wothamanga padziko pano angazungulire bwalo kasanu n'kawiri ndi liwiro limene ndinamulamula lija, kuti mpikisano wake weniweni ndinamuwotchera ndine asanaime n'komwe pamzere. Anamvetsera akupinda nsalu imodzimodziyo, kuipindula, kuipindanso. Kasitomala wina anafunsa mtengo wa zipi, sanamumve.

“Ndiye kuti sunali ulesi?” anafunsa motsitsa.

“Sunali ulesi. Unathamanga kupitirira pomwe ambiri akanagwera.”

Anayang'ana mwana wake pansi pa benchi paja.

“Abambo sanandikalipire tsiku lija,” anatero. “Anangoti, aphunzitsi ako anena okha, ine ndamva. Ndikasiya chinthu pakati ankandikumbutsa mawu anuwo, osati mwankhanza, ankangoti aphunzitsi anaona kale. Ankakulemekezani kwambiri.”

Ndinafunsa ngati akadali ku Biwi, kuti ndipite ndikawauze ndekha.

“Tinawaika chaka chapitacho, ku Dedza.”

Anandiwonjezera ulemu wondiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira jumbo la tomato. Minibasi ina inali ikunyamuka chapatali, kondakitala akumenya chitseko. Akanafuna kuithamangira akanaipeza, ndikudziwa. Anaima pambali panga, tinadikira yotsatira.