Ndime ya Mathandala Itasowa mu Fayilo

Ndinachoka ku koleji ndili chaka chachiwiri. Ena amati anandichotsa, koma zoona zake n'zakuti ine ndi koleji tinagwirizana mwaulemu kuti tisamaonanenso. Ndinabwerera kwathu ku Salima ndi luso limodzi lokha, lotayipa osayang'ana zala, ndipo linandipezetsa mpando m'kaofesi ka bungwe lina laling'ono pafupi ndi doko, cha ku Chipoka. Kumeneko ankanditchula kuti a Pulofesa. Sindinakane.

Chaka chimenecho ntchito yathu yaikulu inali chikalata cha malamulo a padoko: miyezi yotseka nyanja, maukonde oletsedwa, malo okochezera mabwato. Asodzi ndi amayi oyanika usipa anali atakambirana kale. Ife kwathu kunali kulemba bwinobwino n'kukapereka ku khonsolo kuti akasayine. Olemba tinalipo atatu. Panali abwana, bambo wachikulire wa mawu otsika, wokonda ziganizo zazitali ngati sitima ya katundu. Panali alangizi, mayi amene ankaswera kudoko n'kulowa mu ofesi nsapato zili mchenga wokhawokha. Ndiye ine, wosunga fayilo.

Laputopu inali imodzi. Aliyense ankakhalapo nthawi yake, ndipo akamaliza ankasunga fayiloyo ndi dzina latsopano, kuopa kuwononga za mnzake. Motero inabereka. Panali Malamulo, panali Malamulo fainolo, Malamulo fainolo 2, Malamulo fainolo yeniyeni, ndi ina yotchedwa Malamulo iyi ndiye. Zina zinali pa laputopu, zina pa fulashi yanga.

Abwana analamula kuti batani losonyeza zosintha, limene tonse tinkangoliti thiraki, lisazimitsidwe. Likayaka, mawu amene wawonjezera amatuluka ofiira, mzere uli kunsi. Amene wachotsa sachoka, amatsala ndi mzere wowadula pakati, kudikira kuti wina avomereze kapena akane. Pakudikirapo ndi pamene tinakanirira. Alangizi sakanakana zolemba munthu wamkulu, n'kupanda mwambo. Abwana sankafuna kukana za alangizi, kuopa kuoneka ankhanza. Kuvomereza nako palibe ankayamba, poti aliyense ankati mnzake sanaonebe. Ine sindinkakana kapena kuvomereza chilichonse, monga ndinkachitira ku koleji.

Pofika mu Okutobala tsamba lililonse linali lofiira. Masana, malata akamalira ndi dzuwa, anzanga atapita, ndinkatsegula chikalatacho n'kumangochiyang'ana. Mizere inkalukana ngati ukonde woyanikidwa, mawu akale atakodwamo, osafa koma osasambira. Pawindo nkhungu zinkakwera pakati pa nyanja ngati utsi wa mudzi umene palibe anaufikako. Ndinkasinza. Ndinkalota ndikupalasa bwato pakati pa ndime, ndikudutsa "pokhapokha" amene anachotsedwa mwezi wathawo, iye akundiyang'ana mwakachetechete. M'mbali mwa tsamba, pa chosintha chilichonse, pankalembedwa dzina limodzi lokha, la mtsikana wina wodzipereka amene anatisiyira laputopuyo n'kubwerera kwawo kalekale. Zinkaoneka ngati iye yekha ndiye akukangana ndi mtima wake, masamba onsewo, ali kutali.

M'chikalatamo munali ndime imodzi imene alangizi anawonjezera okha. Inkanena kuti malo ochokera pa mkuyu kukafika pa mwala waukulu ndi a amayi a mathandala. Eni mabwato a injini ankangokankhira mathandalawo chakudambo, kumene usipa umanyowa n'kuyamba fungo usanaume. Alangizi anali atawalonjeza amayiwo maso ndi maso kuti nkhaniyo ilowa m'malamulo.

Kutatsala sabata kuti tikapereke, anakhala pa laputopu kuti awerenge komaliza. Anatsitsa, anakweza, anatsitsanso.

"A Pulofesa, ndime yanga mwaidya ndi chiyani?"

Ndinayankha kuti sindidya ndime, ndipo ikanachotsedwa ikanatsala ndi mzere. Tinafufuza limodzi. Panalibe mzere, panalibe chipsera. Pamene inali, masamba anali atangolumikizana ngati madzi bwato likadutsa. Alangizi anati amayi aja adzanena kuti anawanamiza, ndipo iwo eni padoko sadzapondanso.

Ndinatsegula mafayilo onse. Mayina sanandithandize, mpaka ndinawandandalika potsata tsiku limene iliyonse inasungidwa. Yeniyeni inapezeka kuti ndi yakale kuposa fainolo 2. Ndime ija inali mu ina ya pa fulashi, yathunthu, yofiira. Koma chimene chinaichotsa mu yatsopano sindinachidziwe, mpaka masana ena ndikuseweretsa zala. Ndinatayipa liwu, n'kulifufuta. Linangoti zii. Ndinafufuta liwu lakale lakuda, linatsala ndi mzere wake. Ndinabwereza kangapo, mwaulemu wonse woyenera kafukufuku. Makinawo akaona kuti amene akuchotsa mawu ofiira ndi yemwe anawalemba, amati wangosintha maganizo, ndiye sasunga umboni. Ndipo kwa laputopu ija tonse atatu tinali mtsikana mmodzi.

Abwana atamva sanazungulire. Anati anachotsa ndi iwo, ankayesa kuti itsala ndi mzere kuti tidzakambirane. Mantha awo anali akuti a khonsolo akaona mawu oti malo "ndi a" amayi, adzati tayamba kugawa malo, zomwe si zathu, n'kubweza chikalata chonse.

Tinagwirizana zinthu zitatu. Fayilo ikhale imodzi, zakale zonse zilowe mu foda ya zakale. Aliyense asanagwire, ayambe walemba dzina lake mu pulogalamuyo. Ndipo Lachisanu tikhale pakhonde, tidutse chosintha chimodzichimodzi, wina anene ndi pakamwa kuti inde kapena ayi. Alangizi analemba dzina lawo n'kubwezeretsa ndime yawo.

Lachisanulo kunali kamphepo kochokera kunyanja. Ine ndinkawerenga mokweza, iwo ankaweruza, ine n'kudina. Tinakana zambiri, ndipo palibe anakomoka. Zina abwana anazikana mwamphamvu asanakumbukire kuti anazilemba okha. Tsamba linayamba kuyera pang'onopang'ono, ndipo ndinamva kachisoni kakang'ono, ngati akugwetsa nyumba imene ndinkabisalamo dzuwa.

Titafika pa mathandala, alangizi anakankhira laputopu kwa abwana.

"Ngati mukuchotsa chotsani, bambo. Koma dzina lanu lioneke, ndikawawerengere amayi aja."

"Mayi, mukufuna ndisadzagulenso usipa padoko pano?"

Abwana analemba dzina lawo ndi chala chimodzi. Anawerenga ndimeyo. Kenako anadula mawu akuti "ndi a amayi a mathandala," ndipo ulendo uno mzere unaoneka, wamtundu wina, dzina lawo lili pambali. M'malo mwake analemba kuti malowo azigwiritsidwa ntchito poyanika nsomba basi, ndipo bwato lisakocheze pamenepo. Anati apa sitikugawa malo, tikungonena ntchito yake.

Alangizi anawerenga kawiri. Anafunsa ngati mkuyu ndi mwala zatsalamo. Zinalimo. Anatenga mbewa ya laputopu m'manja mwanga n'kuvomereza okha.

Ndinaonetsetsa kuti palibe chofiira chatsala, n'kusunga ngati pidiefu, fayilo yosasinthika, kuti pasapezeke wina wokumbukira kachizindikiro ka koma. Alangizi anapempha kuti ndiwasindikizire tsamba limodzi lokhalo. Analipinda, kuliika m'chikwama, n'kutsetserekera kudoko dzuwa lili pamutu, kumene amayi anali akutembenuza usipa.