Geti Lonena Kuti Sindikudziwa

Mlongo wanga amalemba mapulogalamu a mageti, ine ndimawotcherera zitsulo zake. Ndine wamkulu, koma pantchito amalamula ndi iye, ndipo ndinasiya kale kutsutsa. Anayamba ndi kuphwasula wailesi ya bambo ali mwana, mpaka pano ali ndi liuma lomwelo.

Amati geti lili ngati munthu waulesi, limakhala pachinthu chimodzi nthawi imodzi. Papepala amajambula timabwalo: LOTSEKA, LIKUTSEGUKA, LOTSEGULA, LIKUTSEKEKA, LAIMA, ndi mivi yosonyeza chimene chimalichotsa apa kulipititsa apo. Kumapeto onse awiri a njanji kuli swichi, geti likaigunda mota imazima. Munthu akadutsa pa diso lamagetsi geti likutsekeka, limaima n'kubwerera. Likagunda chinthu, mota imakoka mphamvu yambiri, pulogalamu imazindikira n'kuchita chimodzimodzi.

Koma pali kabwalo kachisanu ndi chimodzi, SINDIKUDZIWA. Magetsi akathima geti lili pakati, osagunda swichi iliyonse, pulogalamu ikadzuka siidziwa pamene geti lili. Ndiye silisuntha mpaka munthu adine batani, ndipo likatero limatseguka pang'onopang'ono kukafuna swichi.

Kabwalo kameneka ndi kamene kanawakwiyitsa abwana a pamalo osungira simenti, tsiku lopereka ntchito.

"Geti langa lizinena kuti silikudziwa? Magetsi akabwera lizitseka lokha! Mukufuna akuba azilowa ngati kwawo?"

"Bwana, likanyamuka lokha lidzapeza munthu panjira," anatero mlongo wanga.

"Nanga diso lija n'lachiyani? Sinthani, apo ayi ndiitana ena."

"Ndamva, bwana."

Anakhala pa thumba la simenti, laputopu pamiyendo, chingwe chikulowa m'kabokosi ka mota, n'kumalemba osayang'ana munthu. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi. Ndinati basi wagonja, ntchito yapulumuka.

Itakwana cha m'ma leveni tinayamba kuyesa. Abwana anadina batani la rimoti, geti linayamba kutsekeka, makilogalamu mazana anayi achitsulo chimene ndinawotcherera ndi manja anga. Litafika pakati, phethi, magetsi anathima.

Ine ndi mlongo wanga tinali ku ofesi, kutsidya kwa bwalo, tikuonetsa abwana mapepala. Kunja lole inali kuliza hutala. Alonda, bambo achikulire osamva bwino, anapita kuti akamasule mota ndi kiyi akankhe geti ndi manja. Asanamasule anaona mwala utakakamira panjanji, patsogolo penipeni pa gudumu. Anagwada cha m'mbali n'kulowetsa dzanja.

Pamenepo ndinamva jenereta ikutsokomola kuseri. Imayaka yokha.

Mutu wanga unazungulira. Diso lija lili m'mwamba, cha m'mawondo, ndipo mkono wawo unali pansi pake. Zala nazo n'chiyani kwa gudumu lonyamula chitsulo chotere? Mota isanamve kulemera zikhala zitaphwanyika kale.

"Madala! Chotsani dzanja!"

Sanamve. Ndinathamanga, koma bwalo lija linatalika ngati ndi maloto. Mababu anayaka. Kabokosi ka mota kanalira kamodzi, tii.

Geti silinasunthe.

Alonda anazula mwala uja, anauyang'ana, n'kuuponya kumbali. Atandiona ndikupuma wefuwefu anadabwa.

"Kodi mwana wanga, akukuthamangitsa ndani?"

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Pa kagalasi ka bokosi panali mawu amodzi okha: SINDIKUDZIWA.

Abwana anafika, anawerenga mawuwo, anayang'ana dzanja la alonda, kenako mlongo wanga.

"Simunasinthe?"

"Ndinasintha, bwana. Ndawonjezera belu, lizilira mpaka munthu abwere kudzadina batani, kuti geti lisaiwalike lotsegula. Limayamba pakatha mphindi imodzi."

Asanatseke pakamwa belu linayambadi kulira, mokwiyitsa zedi.

"Munandinamiza."

"Ndinati ndamva. Sindinati ndichita."

Ndinkadikira kuti atithamangitse. Iwo anangodina batani, geti linakwawa mpaka kugunda swichi, belu n'kukhala chete. Anabwerera mu ofesi, mapepala anasaina ali chiimire.

M'galimoto mlongo wanga sanathe ngakhale kulowetsa kiyi. Ndinayendetsa ndine. Ndinachita manyazi, chifukwa pamene ndinkaganiza kuti wagonja ndinasangalala, pomwe nkhani ya bambo ndikuidziwa ngati iye.

Tinadzera kwa bambo. Anali kalipentala, ndipo tsiku lina magetsi atathima anayamba kuchotsa utuchi m'makina opalira matabwa, magetsi n'kubwera. Mlongo wanga anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi iye amene anathamanga kukaitana amayi.

Bambowo tinawapeza pakhonde akulimbana ndi batani la malaya.

"Zayenda bwanji, amisiri anga?"

"Zayenda, bambo," anatero mlongo wanga.

Anagwada n'kuwamangira batanilo, kenako anagwira dzanja lawo la zala ziwiri lija, osafuna kulisiya.