Ndalama za Mwana Woyamba

Pakati pa mwana wathu woyamba ndinapadziwa mu Malichi, tikukhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa Spring Valley ku Nairobi. Mwezi womwewo amuna anga analandira ndalama zothokozera atamaliza kontirakiti yawo yoyamba ku bungwe la mpingo. Tinagwirizana msanga kuti ndalamazo zilipirire chipatala komanso tikiti ya ndege ya amayi anga, abwere kuchokera ku Dedza adzandithandize chikuta. Chimene tinasiyana n'chakuti zikhale kuti podikira Novembala.

Zaka zimenezo mabanki a ku Nairobi ankapereka chiwongoladzanja chokopa kwa woika ndalama pa fikisidi, akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika. Amuna anga ankafuna zonse zitsekeredwe chaka chathunthu, poti m'pamene phindu linali lalikulu.

"Bambo, chaka chikutha Malichi wamawa," ndinawauza. "Mwanayu adikira?"

"Tikapanikizika tidzakatenga."

"Tikatenga nthawi isanakwane, chiwongoladzanja chipita. Ndiye tatsekeranji?"

Inenso maganizo anga oyamba sanali abwino kwenikweni. Ndinkafuna zonse zigone mu akaunti wamba ya sevinzi, pomwe phindu linali lochepa kwinaku mitengo ikukwera m'masitolo. Ndinavomera kuti kumeneko n'kutaya dala. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito kwanga ku Kibera, ndinatsika minibasi ya matatu m'tauni n'kukafunsa ku banki mwatsatanetsatane. Mayi wa pakauntala anandifotokozera kuti fikisidi ilipo ya miyezi itatu, isanu ndi umodzi, ndi ya chaka. Kuti pa chiwongoladzanja boma limadulapo msonkho. Ndiponso kuti ikakhwima ife osanena kanthu, banki imaitsekeranso nthawi ina yofanana.

Madzulo ake ndinayala maganizo anga. Za chipatala ziikidwe miyezi isanu ndi umodzi, zikhwime mu Seputembala, ndipo tisainiretu kuti zikakhwima zigwere mu sevinzi. Za tikiti zikhale mu sevinzi momwemo, chifukwa tsiku lodzafuna amayi sindinkalidziwa. Amuna anga anang'ung'udza kuti ndikuwadyetsa phindu la theka, koma anasaina.

Mu Julayi miyendo inayamba kutupa. Adokotala anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, n'kundilamula kuti ndisiye ntchito, ndizigona. Amuna anga ankayendayenda pa ntchito ku Athi River ndi kutali kwina, ndipo masana onse ndinkatsala ndekha m'nyumba yozizira. Tinaona kuti amayi abwere basi. Ku sevinzi kunalinso malamulo ake: ndalama zambiri sankapereka tsiku lomwelo, ankafuna uwadziwitse kukadali sabata. Tinadikira sabatayo, tikiti inagulidwa, achimwene anga anawaperekeza amayi ku Lilongwe.

Amayi anafika atavala majuzi awiri, atanyamula thumba la ufa wa mgaiwa ndi mfutso. Atandiona pabedi sanalire. Anandigwira phazi, nalisindikiza ndi chala, n'kunena kuti, "Mwanawe, mchere uleke. Zina ndiona ine."

Vuto linadza mu Ogasiti. Achipatala anati popeza thupi langa silikudalirika, tiperekeretu ndalama zosungitsira malo. Amuna anga analowa m'chipinda atagwira kale satifiketi ya fikisidi.

"Mawa ndikukatenga. Za chiwongoladzanja tiiwale."

"Dikirani kaye. Kwatsala mwezi umodzi."

"Nanga ukadwala usiku uno?"

"Ndikadwala mukatenge m'mawa mwake. Ndalama tinaikazo atipatsa, chotayika ndi phindu lokha. Koma tisalitaye lero chifukwa cha mantha."

Amayi anali pakhomo ndi beseni la madzi ofunda. Za mabanki sankazitsata, koma anati, "Apongozi, pitani mukalankhule nawo achipatalawo. Kupempha si kuba."

Anapitadi. Achipatala analola kuti tipereke kagawo kochepa kuchokera pa malipiro a mwezi umenewo, zotsala mu Seputembala. Masabata amenewo amuna anga ankagona satifiketi ili m'thumba la jekete pafupi ndi chitseko, ndipo ine sindinawaseke. Nanenso mutu ukandiwawa ndinkadzifunsa ngati sindikuumira pachabe. Komabe ndinkadziwa kuti njira ilipo, itafunika.

Seputembala anakwana, ndalama zinagwera mu sevinzi pamodzi ndi phindu lake, msonkho atachotsa. Tinalipira chipatala chonse. Mwana wamkazi anabadwa mu Okutobala pa opaleshoni, nthawi isanakwane bwino, wamng'ono koma wolira mwamphamvu.

Phindulo silinali lochuluka monga amuna anga ankalotera. Linagula kabedi ka mwana ndi magalasi a amayi, omwe kwa zaka ankalephera kulowetsa ulusi m'singano. Anakhala nafe mpaka Khirisimasi itadutsa. Pofika nthawi imeneyo ankapita okha pamsika wa m'mbali mwa msewu, kukatsitsa mtengo wa ndiwo zamasamba za sukuma wiki m'Chichewa, ogulitsa akuwayankha m'Chiswahili, ndipo ankabwerako ndi basera nthawi zonse.