Jekete ya a Hezron

Anthu akamati Kezia Nyirenda ndi wamwano, ine ndimawayankha pomwepo pa msika, ngakhale makasitomala athawe. Ndagulitsa kaunjika pa Rumphi Boma kuyambira nthawi ya referendamu, iye akukazinga mandasi pambali panga, ndiye musandiuze za Kezia.

Mwamuna wake, a Hezron, ankakonza misewu ku Nyika, kumene kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Mlendo wina anawasiyira jekete yofiira yodzaza nthenga za tsekwe, zofewa zija za pachifuwa, zosokeredwa m'timatumba. Ukaitenga m'manja ngati sunanyamule kanthu, koma ukavala thukuta kamukamu.

Kezia ankaichapa kamodzi pa chaka, mu Okutobala, ndipo tsiku limenelo mandasi kunalibe. Madzi ofunda pang'ono m'beseni, sopo wofewa pang'ono chabe, osati waufa, chifukwa waufa umachotsa mafuta a nthenga n'kuzisiya zouma gwa. Ankaikanikiza ndi zikhatho, kutsukuluza mpaka thovu lithe, osapotokola. Kenako kuiyala pamphasa pamthunzi podutsa mphepo, n'kumaitembenuza, kumaikutumula, kumamwaza timibulu ta nthenga ndi zala, kathumba ndi kathumba, mpaka iumiretu mkati.

"Iwe, mwana wakhanda ameneyu?" ndinkamuseka.

"Kuposa mwana," ankatero. "Mwana akanyowa amalira. Iyi imangowola chete."

A Hezron anamwalira mu Juni. Kumudzi kwawo, kufupi ndi Njakwa, akuchimuna anatenga zonse, njinga, wailesi, malata omwe. Kezia, amene chifuwa chimamutseka nyengo yozizira, anapempha chinthu chimodzi. Alamu ake, a Thomson, mkulu wa malemu, anavomera: "Jeketeyo ndi yanu, mlamu. Koma iyambe yachapidwa ndi zinzake."

Pabanja limenelo zovala za malemu amachapa ndi alongo ake, ndipo namfedwa sazikhudza mpaka tsiku logawa. Kezia anakhala pamphasa m'nyumba, manja pamiyendo, akumva mtolo ukumangidwa panja.

"Alamu, chonde," Kezia anaitana Nelly, mlongo wa malemu. "Yofiirayo musaimenye pamwala. Musaipotokole. Ndapempha chomene."

"Mlamu, inu lirani. Zochapa tisiyireni," anayankha Nelly. Sananene mwankhanza ayi, ndiye chimene chimandipweteka.

Ine ndinawatsatira kumtsinje wa Rukuru. Ndinafika atainyika kale m'sopo waufa, thovu mpaka m'zigongono. Phwa! pamwala. Phwa!

"Amayi inu, imeneyo si bulangete! Muli nthenga mmenemo!"

"Nthenga? Ndiye iuluke tione," anatero wina, onse n'kuseka, koyamba chiyambire maliro.

Ndinakalipa mpaka a Thomson anatsika kudzandigwira paphewa. "Achimwene, yewo pobwera kudzalira nafe. Koma inu ndinu ndani pamaliro pano?" Mnzake wa pamsika alibe mpando pa mwambo wa eni. Ndinaima pamenepo ngati chitsa, amayi awiri akuipotokola, wina uku wina uku, msoko wina n'kuthetheka.

Anaipachika pachingwe, nthenga zonse n'kutsikira pansi. Dzuwa la Juni mukulidziwa, kunja kunali mitambo ndi kamvula kowaza. Nsalu yakunja inauma msanga, monga imachitira, Nelly n'kuigwira, nati yauma. Anaipinda n'kuiponya m'thumba pamodzi ndi malaya, thumba n'kumangidwa kudikira abale a ku Chitimba.

Ndinapita pazenera. "Kezia, tumiza munthu aitulutse. Kapena ndiibe ine."

"Ukaiba adzati ndakutuma. Ndikaikhudza adzati ndikudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wanga." Anakhosomola nthawi yaitali. "Isiye. Ndikuimva kuchokera pano."

Mwezi unatha asanamasule thumbalo. Atamasula, fungo lake anthu anabwerera m'mbuyo. Chuku chakuda m'misoko monse, mapewa opyapyala ngati pepala, m'munsi mibulu yolimba ngati mbatata zowola. A Thomson anaigwira ndi zala ziwiri.

"Mlamu, lonjezo ndi lonjezo."

Kezia anagwada, nalandira ndi manja awiri. "Yewo, adada."

Anayesa, musaganize kuti sanayese. Anaichapanso mwa njira yake, kuiyala, kumwaza ndi zala masiku angapo. Mibulu ina inamasuka, koma nthenga zowola sizidzukanso, ndipo fungo la chuku limamutseka chifuwa akangoiyandikitsa kumaso. Ndavundukula mabelo anga onse kufuna ina yotere. Zimabwera za thonje lopanga zokhazokha. Ndinamupatsa imodzi yabuluu, amavala m'mawa pokoleza moto wa mandasi, akukhosomolabe.

Yofiirayo amabwera nayo pa msika m'jumbo. Makasitomala akachepa amaitulutsa, n'kuiika pamiyendo, nkhope atayang'ana kumbali, zala zikufufuza m'timatumba.