Munthu wa 32 pa Fomu Yathu

Chaka chimene tinapempha pampu ya sola ine ndinali mlembi wa kopaletivi yathu ya alimi a m'madimba, kufupi ndi Chiromo. Anandisankha chifukwa ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya nzimbe, komanso chifukwa pakamwa panga anthu amapaopa. Mamembala tinali 32 m'buku. Oyenda ndi miyendo, oti ukaitana n'kuyankha, tinali 31.

Wotsalayo anali bambo wina wamanzere amene ankayang'anira za madzi. Madzi osefukira a chaka chapitacho anamutenga akuwolotsa mbuzi, ndipo thupi lake silinapezeke. Mkazi wake ankangoti bambo ali paulendo. Sikuti mutu unamuzungulira ayi. Kwawo kwa mwamunayo, munthu akadziwika kuti wafa, abale amabwera kudzachita mwambo wa maliro ngakhale mtembo palibe, kenako wamasiye amamupatsa mwamuna woti agone naye pa mwambo wa kulowa kufa, ndipo dimba limabwerera ku mtundu. Alamu ake awiri ankadikira tsiku limenelo. Koma kunena kuti munthu wosowa wafa, iwe usanaone manda ake, kwathu kumakhala ngati wamupha ndiwe, choncho aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Bola dzina la bamboyo lili m'buku langa, mayiyo anali mkazi wa mwini, ndipo palibe akanamukhudza.

Dimba la bamboyo silinagonere. M'mawa uliwonse tinkapeza palimidwa, ndipo dothi linkagwera mbali imene amagwetsera munthu wamanzere. Azimayi ena anasiya kudutsa njira imeneyo. Ine ndinadziwa msanga kuti ndi mkazi wake, amene anadziphunzitsa kugwira khasu mobwerera. Ndinadziwa, koma tsitsi linkandiimabe ndikayang'ana mizere ija.

Bungwe lina la kunja linalengeza thandizo la makopaletivi, ndipo pempho linkalembedwa pa intaneti basi. Tsiku lomaliza ndinapita ku ofesi ya alangizi a zaulimi ndi buku la mamembala ndi makotesheni atatu, mapepala a mitengo ya katundu a m'masitolo a ku Blantyre. Alangizi athu anali bambo wa kumtunda, wodandaula ndi kutentha ngati kuti dzuwa tinalibweretsa ndife. Laputopu anaiika pa tebulo, foni yopereka netiweki anaipachika pa zenera. Pa khoma la ofesiyo panali mzere wa matope wofika m'chifuwa mwanga, pamene madzi analekezera. Kunali zii masanasana, ngakhale nkhuku zinali zitabisala.

Fomuyo inali ndi zigawo zitatu zazikulu, ndipo alangizi anandichenjeza kuti zitatuzi zimalondolana. Chimene walemba kuti udzachita, chioneke mu bajeti ndi mtengo wake. Chimene wagula mu bajeti, chioneke pa zotsatira kuti chabala chiyani. Nambala ikasemphana pamodzi, owerenga amangoika pempho lako pambali, sakufunsanso.

Tinayamba ndi zochita. Bokosi lake linkalola mawu owerengeka, ukapyola zilembo zimafiira. Ine ndinkawerenga, iwo ankatembenuzira m'Chingerezi n'kumataipa ndi zala ziwiri. Mwezi woyamba kukumba ngalande, wachiwiri kuwaka ndi simenti ndi kuimika pampu, wachitatu maphunziro a kagwiritsidwe ka madzi, kenako kubzala chimanga ndi nyemba. Utali wa ngalande, malo oika pampu, zonse ndinkazitenga mu kope lakale la sukulu lokhala ndi madontho a madzi. Linali kope la bambo wosowa uja. Ndiye anayeza ngalandeyo ndi chingwe, n'kulemba ndi zilembo zake zopendekera kumbuyo. Nditawerenga kwa kanthawi ndinazindikira kuti ndayamba kukoka mawu monga ankakokera iye pamsonkhano. Ndinasiya, n'kupempha madzi akumwa.

Nditadzutsa mutu ndinaona mapazi pakhonde, kuseri kwa chitseko chotsegula theka. Anali mapazi a mkazi wa bambo wosowa uja. Sindinamumve akubwera, ndipo sanaodire. Anangokhala pansi, miyendo atatambasula.

Mu bajeti chinthu chilichonse chinkafuna kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi, kompyuta n'kuchulukitsa yokha. Pampu ndi mapanelo zinali zosavuta. Koma paipi yothirira inali imodzi pa membala, paketi ya mbewu imodzi pa membala. Panalinso danga la chopereka chathu, poti bungwelo silinkapatsa anthu ongotambasula manja. Ife ndalama tinalibe, tinalonjeza thukuta: masiku khumi okumba pa munthu aliyense, onse pamodzi masiku 320. Pa zotsatira tinali titakonzeratu kulemba kuti pano timakolola kamodzi, koma pakutha chaka mabanja 32 adzakolola kawiri pa mahekitala 8, ndipo umboni wake udzakhala buku la zokolola ndi mndandanda wa mamembala wokhala ndi nambala za ziphaso zawo.

Apa alangizi anachotsa zala pa laputopu. Ananena motsitsa mawu kuti mabungwe amenewa amatumiza anthu kudzaitana mayina mmodzimmodzi, ndipo akapeza dzina la munthu kulibe, amati ndi membala wa mzukwa n'kulanda zonse. Anati njira ndi ziwiri, kuchotsa dzinalo kapena kuika la mkazi wake m'malo mwake. Ndinawauza kuti njira ziwirizo kwa mayiyo ndi imodzi, chifukwa kulowa m'malo mwa mwamuna ndi kuvomera kuti wapita. Mndandandawo tinkayenera kuupachika pa bolodi la kopaletivi, ndipo alamu aja kuwerenga amadziwa. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

Iwo anati sangaike ntchito yawo pa moto. Anafufuta 32 n'kulemba 31. Nambala zonse zinasintha, masiku anakhala 310, mahekitala anakhala 7.75, nambala yoduka ngati chala. Asanadine posunga, netiweki inathawa. Tinadikira. Tsamba litabwerera, paliponse panali 32.

Alangizi anaseka pang'ono, nati ndi mmene zimakhalira, tsamba limabwerera pamene unasungira komaliza. Ndikudziwa kuti ankanena zoona. Anasinthanso mizere yonse, mapaipi, mbewu, masiku, mahekitala. Foni pa zenera inagwedezeka ngakhale kunalibe mphepo yoti ndiimve, kagudumu kanazungulira pa laputopu, ndipo 32 anabwereranso. Ulendo uno sanaseke. Anapukuta khosi ndi mpango, n'kunena kuti akukapuma panja pang'ono. Mantha ndinali nawo, sindibisa, ndipo ndinakwiya nawo mantha angawo, mayi wamkulu wa mvano ngati ine.

Ndinatuluka kukakhala pakhonde pafupi ndi mayiyo. Sanandiyang'ane. Dzanja lake lamanzere linali ndi matuza. Ndinamufotokozera zonse, za oitana mayina, za pampu imene mabanja onse ankaiyembekezera, ndipo ndinamufunsa ngati angalole kuti ndilembe dzina lake.

"Nkhabe, ayi, mayi mlembi," anatero. "Mamunanga ine sindinamuone atagona. Mukafufuta inu, mawa alamu anga ali pakhomo. Mundipatseko nthawi, ana akuleko pang'ono."

Ndinabwerera mkati. Nthawi yotseka inali itayandikira, ndipo alangizi anati laputopu ndi iyo, pempho ndi la kopaletivi, iwo sanaone kanthu. Ndinasiya 32 mmene analili. Ndinakweza pa intaneti mndandanda ndi makotesheni, n'kufika pa kabokosi kovomereza kuti zonse zolembedwazi ndi zoona. Ndinachonga. Pansi pake panali chenjezo loti ukatumiza sungasinthenso. Ndinadina ndi chala changa, ndipo netiweki imene inativutitsa tsiku lonse sinachedwe n'komwe. Nditatuluka, pakhonde panalibe munthu.

Ndinkadziona ngati ndachita chamuna. Ndinkati mwina sitisankhidwa, mwinanso sabwera kudzaitana, za mawa zidzaoneka mawa.

Tinasankhidwa. Patapita miyezi ingapo kunabwera mayi wina wa bungwelo, waulemu wake, ndi mndandanda wanga m'manja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mtondo pafupi ndi madimba, mapaipi ataunjikidwa pambali. Aliyense akaitanidwa ankaimirira, kuonetsa chiphaso, kusaina, n'kutenga paipi yake. Anthu a m'mudzi anadzaza kudzaonerera, ndipo alamu awiri aja anaima kumbuyo, manja kumsana.

Dzina la bamboyo linaitanidwa. Palibe anayankha. Mlendoyo analiitananso mokweza, poganiza kuti mwini wake ndi wogontha. Chichokereni madzi aja, dzinalo linali lisanatchulidwe pagulu, ndipo ndinaona anthu akuluakulu akutembenukira ku mtsinje. Inenso ndinatembenuka. Analiitana kachitatu. Kenako anatseka cholembera, n'kundifunsa ine ngati munthuyu alipodi, chifukwa ngati kulibe, kugawa kuima pomwepo mpaka akuluakulu ake aunikenso pempho lonse. Amene anali atalandira kale anayamba kuyang'ana mapaipi awo. Ine wa pakamwa potchuka paja ndinangoweramira m'buku la mamembala.

Mayi uja anaimirira pakati pa azimayi. Analankhula Chichewa chosasakaniza, pang'onopang'ono, kuti mlendoyo amve.

"Musawavutitse alembi, ndinawakakamiza ndine. Amuna anga anamwalira ndi madzi. Ana athu alipo atatu, dimba ndikulima ndine."

Mlendoyo anapepesa kwambiri. Anati zikatero palibe vuto, banja ndi lomwelo, akonza yekha pa kompyuta, ndipo anadabwa kuti sitinangolemba dzina la mayiyo poyamba. Kwa iye nkhani inathera pomwepo. Mayiyo anasaina ndi chala, n'kulandira paipi. Kumbuyo kunayamba kulira mayi mmodzi, kenako ena, maliro amene anachedwa chaka ndi miyezi. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo. Mawu amene ndikanawanyamula ine ndekha mu ofesi, ndinamusiyira iye kuti awanene pamaso pa alamu ake ndi mudzi wonse.

Sabata isanathe abale anachita mwambo wa maliro. Mayiyo sanadikire zotsatira zake. Anatenga ana n'kuwoloka mtsinje wa Ruo kupita kwa amalume ake, paipi anaisiya pakhomo panga. Dimba analitenga alamu, koma palibe mwa iwo analimba mtima kulilima.

Pakutha chaka ndinakhalanso pa laputopu ija kulemba lipoti. Pampu inagwira ntchito, tinakolola kawiri. Fomu inaonetsa zimene tinalonjeza kumanzere, mabanja 32, ndipo kumanja ndinalemba 31. Pansi panatseguka bokosi lofunsa chifukwa chimene nambala zasiyanirana. Alangizi anandiyang'ana, zala zili m'mwamba. Ndinawauza kuti alembe kuti banja limodzi linasamuka.