Timizere Pakati pa Mzere

Chinali chaka cha 2017, ine ndili ndi zaka 64. Ndinkagwira ntchito pa kampani yaing'ono yosindikiza ku Area 2, kuseri kwa masitolo a nsalu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma zaka 41 ndinali nditadya za zilembo. Ndinayamba ndi zilembo za mtovu, zotola chimodzichimodzi ndi zala. Makompyuta atabwera anzanga onse anapita kumudzi. Ine ndinatsala chifukwa ndinkadziwa kuwerenga pulufu, pepala loyesera lomwe limatuluka ntchito isanapite ku makina. Popanda siginecha yanga makina sankazungulira.

Chaka chimenecho bwana, Mmwenye wachisilamu amene analandira kampaniyo kwa bambo ake, anayamba kunena kuti kompyuta imadziwongolera yokha zolakwa. Sankandiuza ine. Ankauza makasitomala ine ndili pomwepo. Ndinadziwa kuti tebulo langa likuyezedwa.

Lolemba lina kunabwera mayi wamasiye wa ku Area 12. Ankafuna kabuku ka mbiri ya malemu amuna awo, makope 300, ka mwambo wa chiliza Loweruka kumudzi kwawo ku Dowa. Masamba 16. Tsamba lililonse mbali ziwiri zopapatiza: kumanzere Chingerezi cha anzawo a kuofesi ku City Centre, kumanja Chichewa cha abale. Anati mizere ikhale yowongoka kumayambiriro ndi kumathero komwe, ngati ya m'Baibulo. Anawonjezera kuti Chichewacho akachiwerenga pagulu ndi alamu awo, achemwali a malemu, munthu wamkulu wa maso ofooka amene amawerenga ndi chala.

"Chichewacho chisiyireni ine," ndinatero. Ndinanena mokweza kuti bwana amve.

Mzere wowongoka mbali zonse uli ndi mtengo wake. Mawu akakana kukwana, pali njira ziwiri: kutambasula mipata ya pakati pa mawu, kapena kudula liwu lomaliza n'kuika kamzere. Mawu athu ndi aatali. Mu mbali yopapatiza, "sanawakhumudwitsepo" akatsikira pansi osadulidwa amasiya mzere wa mawu awiri, mpata pakati woti n'kuimikapo njinga. Ndiye kudula sikuthawika.

Pakompyuta pankakhala mayi wina wa zaka za m'ma 30, wophunzira ku koleji, wachangu, wosaopa munthu. Lachiwiri anandipatsa pulufu yoyamba. Chingerezi chinali bwino. Chichewa chinali chopweteka maso. Kompyuta inadula "mun-thu", "chim-wemwe", "malin-galiro". Ndinamufunsa amene anaiphunzitsa zimenezi. Anati makinawo ali ndi malamulo a Chingerezi ndi zilankhulo zina zambiri, koma a Chichewa mulibe, ndiye mawu athu amawayesa Chingerezi.

Chingerezi chimalola kudula pakati pa zilembo ziwiri zotseka pakamwa, monga "let-ter" kapena "win-dow". Ife sititero. Phatikizo lathu limathera pa a, e, i, o, u, ndipo n kapena m wa m'mphuno amapita ndi zilembo za patsogolo pake: "mu-nthu", "chi-mwe-mwe", "mali-ngaliro". Ng' wa mu "ng'ombe" sagawidwa ngakhale mzere upanikize bwanji. Ndiponso chilembo chimodzi sitichisiya chokha kumapeto. "Anthu" amatsika yense. Izi mwana wa Sitandade 1 amaziimba. Munthu wowerenga ndi chala akaona "mun" kumapeto kwa mzere amaima, chifukwa pakamwa pake palibe mawu otha choncho.

Bwana anabwera kudzasuzumira. Anaseka, nati mavuto amenewa ndi athu ndi Azungu. Chiarabu cha m'mabuku a kumzikiti sichidula liwu, chimangokoka kamchira kolumikiza zilembo mpaka mzere udzaze. Ndinayankha kuti Chichewa si mphira.

Ndinatenga cholembera chofiira. Ndinauza mayi wa pakompyuta kuti aletse makinawo kudula mbali ya Chichewa, ndipo paliponse pomwe ndalemba ine aikepo kamzere ndi dzanja lake. Anavomera zoletsazo, koma za kamzere anatsutsa. Anati pali kamzere kena kobisika: kamaikidwa m'kati mwa liwu, kamaonekera pokhapokha liwulo likafika kumapeto kwa mzere, likasuntha kamabisalanso. Kamzere wamba, anati, kamakhala pomwe wakaika ngati msomali.

"Msomali ndi umene ndikufuna," ndinatero. "Chinthu chobisala sindichisainira."

"Madala, mizere ikadzasuntha mudzandikumbuka."

"Isuntha ipite kuti? Ikani."

Anakweza mapewa n'kuika. Tinakhala limodzi masana onse, ine ndikuloza, iye akubaya. Timizere 73. Pulufu yachiwiri inatuluka yoyera, mipata yofanana, liwu lililonse lodulidwa m'mfundo mwake. Ndinaiwerenga kawiri, ndinasaina tsamba lililonse. Ndinaisiya pa tebulo la bwana.

Lachitatu chakumasana mayi wamasiye uja anaimba foni. Anali ataiwala ndime yothokoza a kuchimuna, ndipo ikapanda kulowa kumudzi kukhala mlandu. Ndimeyo inalowa m'zilankhulo zonse ziwiri, kabuku kanasefukira pa tsamba la 17. Kabuku komanga ndi waya pamsana kamayenda ndi masamba anayianayi. Tsamba la 17 limatanthauza masamba 20, ndipo mapepala anali atadulidwa kale. Bwana ankayendayenda. Munthu wa pamakina ankafuna kuyamba magetsi asanazime. Mayi wa pakompyuta anali atatumidwa ku City Centre kukasiya ntchito ina, pampando pake panakhala bwana mwini.

Ndine ndinapereka nzeru. Ndinati achepetse zilembo zonse pang'ono, theka la poyinti pa muyeso wa zilembo, diso silidzazindikira. Anachepetsa, kabuku kanabwerera pa masamba 16. Bwana anandifunsa ngati ndikufuna pulufu ina yonse. Ndinati anditulutsire tsamba lomaliza lokha, la ndime yatsopanoyo ndi mndandanda wa mayina; enawo ndasaina kale ndipo sindisaina kawiri.

Masiku a mtovu, kusintha kukula kwa zilembo kunali kuphwasula tsamba lonse n'kutolanso chilembo chilichonse, ndiye mzere uliwonse unkadutsanso m'manja mwako. Apa zinatenga nthawi yophethira diso, ndipo mutu wanga unaziyesa zazing'ono.

Lachinayi anasindikiza, kupinda, kumanga. Madzulo ake dalaivala wa mayi aja anadzatenga makatoni atatu. Ine tsiku lonselo sindinakhazikike. Ndinatemwa chala ndi pepala, ndinakalipira munthu wa pamakina popanda chifukwa, tiyi anazizira patebulo. Sindinkadziwa chomwe chinkandidya.

Lachisanu m'mawa mayi wa pakompyuta anaika kope lotsala patebulo langa, lotsegula pa tsamba lachitatu. Pakati penipeni pa mzere panali "mu-nthu". Pansi pake "anawaphu-nzitsa". Zilembo zitachepa, mzere uliwonse unameza mawu owonjezera, mawu anga odulidwa anachoka kumapeto, misomali yanga ili m'mimba. Ndipo poti kudula tinakuletsa, mawu aatali amene tsopano anafika kumapeto anatsika athunthu n'kusiya mipata yoyasama. Mbali ya Chingerezi kompyuta inadzidulira yokha mwatsopano, yosalala ngati galasi.

Ndinawerenga ndili chiimire. Mwa timizere 73, tisanu tokha ndi timene tinagwera kumapeto mwamwayi.

Bwana anali asanafike. Ndinatuluka osavala jekete. Ndinadutsa pamsika, ndinaoloka mlatho, ndinapezeka ndili ku Area 3 komwe ndinalibe nako chochita. Ndinabwerera, ndinakwera minibasi ya ku City Centre, kuchokera pamenepo ndinayenda pansi mpaka ku Area 12. M'misewu imeneyo muli mipanda yokhayokha ndi agalu, woyenda pansi amaoneka ngati wofuna ganyu. Njira yonse ndinkakonza zonena. Ndikanatha kunena kuti ndi kompyuta. Aliyense akanakhulupirira.

Mlonda anandiimika pageti nthawi yaitali. Mayi wamasiye uja anatuluka atavala kale zapaulendo, kope lili m'manja. Makatoni awiri, anati, anatsogola dzulo ndi alamu awo.

"Ndaona, bambo," anatero. "Chingerezi mwachisamala. Chichewa ndiye munati n'cha anthu akumudzi, sadzazindikira?"

Mawu amenewo ndi amene sanandichokebe. Ndinavula chipewa.

"Mayi, Chingerezi chasamalidwa ndi makina. Chichewa ndachigwira ndine, ndi manja angawa. Ndinauzidwa, ndinakana kumva."

Anatseka kabukuko. Kenako anafunsa chomwe alamu awo akawerenge mawa, poti munthuyo akaona kamzere amadikira mzere wotsatira. Ndinapempha maola awiri.

Ndinabwerera ku Area 2 thukuta lili kamukamu. Ndinaima pambali pa mayi wa pakompyuta n'kumuuza kuti achotse timizere tanga tonse, aike take tobisala tija. Sanandikumbutse mawu ake. Anangofunsa kuti, "Muziloza ndinu, madala?" Ndinaloza. Tinatulutsa kope limodzi pa pulinta ya muofesi, la zilembo zikuluzikulu, Chichewa chokha. Ndinaliwerenga mzere ndi mzere, chala chili pansi pa mawu monga akachitire alamu aja ku Dowa. Ndinalipereka ndekha pageti galimoto ikuliza kale injini. Kusindikizanso makope 300 nthawi inali itatha. Anthu analandira omwewo.

Lolemba bwana anandiitana. Sanakalipe. Anati kuyambira tsopano pulufu iliyonse izikhala ndi masiginecha awiri, yanga ndi ya mayi wa pakompyuta, ndipo yake ndiyo izikhala yomaliza. Sanalakwe. Mayiyo ankadziwa chinthu chimene ine sindinkachidziwa, ine ndinkadziwa chimene makina ake sankachidziwa, ntchito ikanayenda. Ndinaona zonsezo bwinobwino. Koma ndinati siginecha yoyang'aniridwa si siginecha, ndimaliza mwezi basi. Anandipempha kawiri kuti ndiganizenso. Cholembera chofiira ndinachisiyira mayiyo, pamodzi ndi pepala lomwe ndinalembapo malamulo odulira mawu athu. Ndinamva kuti analimata pakhoma pafupi ndi kompyuta.

Kope lotsala lija ndikadali nalo. Masiku ena ndimalitulutsa, ndimaliwerenganso, ndimalibweza, kenako ndimapezeka ndikuzungulira pabwalo. Chiwerengero sichisintha. Timizere 68 m'kabuku kamodzi, timabuku 300 tili m'nyumba za anthu ku Dowa ndi muno mu Lilongwe, dzina la malemu lili pachikuto. Kasitomala mmodzi amene sanabwerenso. Tebulo limodzi la pawindo. Zaka 41.